Komishoniyo ikuchokera m'thumba la ndani?

Mphwanga, mwana wa achemwali anga a ku Chinamwali, anandipeza Loweruka lina masana ndikutsuka njinga pakhonde. Anali atavala malaya oyera ositidwa bwino, envulopu ya masatifiketi ili kukhwapa. Tisanamalize n'komwe kulonjerana anati, "Malume, ntchito ija ndaipeza. Koma pakufunika K135,000 pofika Lolemba."

Ndinamufunsa kuti ndi ntchito yamtundu wanji imene wolembedwa ndiye amayamba kulipira bwana. Anaseka, akuti ine ndine wachikale. Uthenga anauona pa gulu lina la WhatsApp: kampani ikufuna anyamata ndi atsikana ogulitsa malonda, MSCE yokha ndi yokwanira, malipiro mpaka K400,000 pamwezi. Atapita ku intavyu, mu holo ina m'tauni muno mu Zomba, anapeza anthu odzaza mipando yonse. Palibe anamufunsa dzina la sukulu imene anaphunzira, envulopu ija sanaitsegule n'komwe. Panali nyimbo, kuwomba m'manja, ndi bambo wina wa suti yonyezimira amene ankaonetsa zithunzi za galimoto yake pakhoma. Pomaliza anauzidwa kuti onse akhoza.

Intavyu imene aliyense amakhoza si intavyu. Bwana wolemba ntchito amasankha chifukwa munthu aliyense amene wamutenga ndi ndalama yotuluka m'thumba mwake mwezi ndi mwezi. Amene sakusankha ndiye kuti kubwera kwanu sikumudyera kanthu, mwinanso kukumupatsa.

Koma ndisapite patali ndisananene ichi: kugwira ntchito ya komishoni si kupusitsidwa. Mayi amene amakhala mu kabokosi ka Airtel Money kapena Mpamba pafupi ndi msika amadya komishoni. Ogulitsa inshuwalansi ambiri amadya komishoni, chimodzimodzi anyamata oyenda ndi nyali za sola m'midzi ya ku Jali ndi ku Thondwe. Ena mwa iwo amanga nyumba. Vuto n'lakuti ntchito yeniyeni ya komishoni ndi msampha wosaka anthu zimavala malaya ofanana: zonse zilibe malipiro okhazikika, zonse zimati "udzapeza molingana ndi khama lako". Chozisiyanitsa ndi funso limodzi, ndipo ndi limene ndinamupatsa mphwanga titakhala pansi ndi kope ndi bolopeni: ndalama imene adzakupatse ikhala itachokera m'thumba la ndani? La kasitomala amene wagula chinthu chifukwa akuchifuna, kapena la mnzako amene walowa pambuyo pako?

Anatulutsa kapepala kamene anawapatsa ku holo kuja. Kulembetsa K15,000. Katundu woyambira K120,000, amene anali mabotolo 10 a mankhwala akumwa otchedwa opatsa mphamvu. Ndiye kuti botolo limodzi akumugulitsa K12,000, ndipo iye akaligulitse K16,000. Phindu pa botolo ndi K4,000. Akagulitsa onse 10 wapeza K40,000, tikachotsa ya kulembetsa ija kwatsala K25,000, ndipo apa sitinawerenge ya kabaza, ya bandulo, kapena nsapato zimene zatha.

Kuseri kwa kapepalako ndi kumene kunali nkhani. Ukabweretsa munthu mmodzi n'kugula katundu woyambira, iwe ulandira bonasi ya K30,000. Munthu wakoyo akabweretsanso wake, iwe ulandirako kachigawo kena. Ndipo kuti dzina lako lisafufutidwe pa mndandanda wa olandira, mwezi uliwonse uyenera kugula mabotolo atatu, K36,000, kaya akale aja wagulitsa kaya ali pansi pa bedi.

Ndinamuuza kuti ayike manambala awiri pafupi: K4,000 ndi K30,000. Kukopa munthu mmodzi kukulipira kuposa kugulitsa mabotolo 7. Munthu wanzeru zake amene wapatsidwa njira ziwirizi sangataye tsiku lonse akuzungulira ku Matawale ndi chikwama cha mabotolo, adzapita kukasaka anthu. Eni akewo akudziwa zimenezi, ndi iwo analemba manambalawo. Nanga K30,000 ija ikuchokera kuti? Palibe botolo limene lafika kwa munthu wodwala kapena wofooka. Yachotsedwa pa K135,000 ya mnzako watsopanoyo. Mabotolo angokhala ngati chivindikiro cha mphika, kuti wodutsa asaone chimene chikuphikidwa.

"Komabe malume, ndikapeza anthu asanu ndalama yanga yabwerera," anatero. N'zoona: K30,000 kasanu ndi K150,000. Ndipo asanuwo angawapeze ndithu, poti ali ndi anzake a kwaya, a mpira, ndi azisuweni ake. Koma aliyense wa asanuwo akufunikanso asanu ake kuti naye abweze yake. Mzere woyamba uli ndi anthu 5, wachiwiri 25, wachitatu 125, wachinayi 625, wachisanu 3,125, wachisanu n'chimodzi 15,625, wachisanu n'chiwiri 78,125. Mukawaphatikiza onsewa akupitirira 97,000. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 105,000 mu mzinda wa Zomba, kuphatikizapo makanda ndi agogo. Ndiye kuti pa mzere wachisanu n'chiwiri mzinda wonse watha, kuyambira ku Chikanda mpaka ku Sadzi, ndipo palibe watsala woti agule botolo chifukwa aliyense ali ndi ake 10. Mzere wa 11 wokha ukufuna anthu oposa 48 miliyoni, pamene Malawi yense pa kalembera yemweyo anali ndi 17.5 miliyoni.

Sizifika kumeneko, zimaima kale kwambiri. Chofunika kuchimvetsa n'chakuti paliponse pamene zaimira, kaya pa mzere wachitatu kaya wachisanu, anthu anayi mwa asanu alionse amakhala ali pa mzere wapansi, amene alipira koma sanapeze aliyense. Izi sizitengera ulesi kapena khama. Ngakhale onse atakhala akhama ngati nyerere, masamu ake ndi omwewo. N'chifukwa chake amazitcha piramidi: pamwamba pamakhala ochepa amene adya, pansi pali khwimbi limene lawadyetsa. Bambo wa suti uja mwina galimoto ali nayodi. Sindikutsutsa. Koma yagulidwa ndi anthu a m'mipando ija.

Mkangano wa komwe malonda oyenda khomo ndi khomo amathera ndi komwe piramidi imayambira si wa lero, ndipo si wa kuno kokha. Ku America, bungwe la boma loona za malonda la Federal Trade Commission linaweruza mu 1979 kuti kampani ya Amway si piramidi, ngakhale nayo inkalola ogulitsa kubweretsa anzawo. Chinaipulumutsa ndi malamulo atatu amene inali nawo: wogulitsa agulitse 70 peresenti ya katundu amene ali naye asanaode wina, agulitse kwa makasitomala 10 osiyana pamwezi kuti alandire bonasi, ndipo kampani izigulanso katundu amene wakanika kuyenda. Mu 2016 bungwe lomwelo linagwirizana ndi kampani ya Herbalife kuti ilipire madola 200 miliyoni ndi kusintha kalipiridwe kake kuti kazitengera katundu wogulidwadi ndi anthu. Malamulo amenewo ndi a kumeneko, sagwira ntchito ku Zomba, koma mafunso ake mungawanyamule kupita nawo mu holo iliyonse. Ndinamuuza mphwanga kuti Lolembalo, m'malo mwa ndalama, akapite ndi funso lachitatulo: "Mabotolo akandikanika, mudzawalandira n'kundibwezera ndalama zingati, ndipo zalembedwa pati?" Kampani imene ikukhulupirira kuti katundu wake ali ndi msika siopa kumulandiranso, poti ikamugulitsa kwa wina.

Palinso kayesedwe kena kosafuna kope. Funsani ngati pali munthu amene si membala, amene sakuyembekeza bonasi iliyonse, koma amagula botolo la K16,000 mwezi uno n'kubweranso mwezi wamawa. Sopo, mafuta ophikira, mayunitsi, anthu amabwerera okha. Ngati ogula onse ali omwewo ogulitsa, ndiye kuti kasitomala wa kampaniyo ndi inuyo amene mukudzitcha wantchito.

Wina anganene kuti nayenso mayi wa Mpamba uja anayamba ndi kuika ndalama. N'zoona, ndipo kulipira poyamba pakokha si umboni wa chinyengo. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama ya ejenti imakhalabe yake: ili mu foni ngati fuloti kapena ili mu kabati ngati kashi, ndipo tsiku limene watopa akhoza kuitulutsa n'kutseka kabokosi. Komishoni yake imabwera pa munthu wodutsa amene watumiza kapena kutapa ndalama, ndipo ejenti watsopano akatsegula pafupi, kwa iye ndi mpikisano, si phwando. Apa pali chizindikiro chimene sichinama. Pa malonda enieni wogulitsa safuna mnzake wogulitsa zomwezo pa mzere wake. Mukaona munthu akukukakamirani kuti mubwere mudzagulitse chimene iye akugulitsa, m'dera lomwelo, kwa anthu omwewo, dziwani kuti chimene akugulitsa si chimenecho.

Pali mtundu wina wa msampha umene umavuta kuuzindikira, ndipo ndi umene ndimauona kawirikawiri kuposa piramidi yeniyeni. Katundu wake ndi weniweni: mapoto, mabuku, mbaula, ngakhale mapolise a maliro. Salipiritsa kulembetsa, kapena amangoti K5,000 ya chiphaso ndi malaya. Palibe bonasi yobweretsa anthu. Koma amalemba "antchito" sabata iliyonse, chaka chonse, osakhuta. Tsiku loyamba la maphunziro amakuuzani kuti mulembe mayina a abale ndi anzanu onse amene muli nawo mu foni, akuti ndi poyesera. Mwezi woyamba mugulitsa ndithu, chifukwa azakhali sangakukanizeni, abusa agula kuti akulimbikitseni, aphunzitsi anu akale agula mwaulemu. Mwezi wachiwiri mayina atha. Wachitatu mwasiya nokha, mukudziona wolephera. Kampani sinataye kalikonse: sinakulipireni tsiku ndi limodzi lomwe, thiransipoti munkadzilipirira, ndipo yalowa m'nyumba 15 kapena 20 zimene payokha sikanagogoda n'komwe. Mpando wanu wakhala kale wina ndi foni yake yodzaza mayina atsopano. Ameneyu sanalembe wogulitsa, wabwereka abale anu. Mmene mungamudziwire ndi kufunsa kuti mwa anthu amene anayamba miyezi 6 yapitayo, ndi angati akadalipo, n'kupempha kulankhula ndi mmodzi wa iwo nokha, panja, woyang'anira palibe. Ngati m'chipindamo aliyense ali watsopano kupatula amene akuphunzitsa, yankho mwalipeza.

Sabata yomweyo mphwanga anamva za ntchito ina, yogulitsa nyali za sola zolipira pang'onopang'ono. Iyi inali yeniyeni: sanamulipiritse kanthu, nyali zinali za kampani, anamufunsa mafunso n'kusiya anthu ena, ndipo anamupatsa dera lakelake cha ku Songani ndi ku Domasi. Anabwera akumwetulira, akuganiza kuti ulendo uno ndimuwombera m'manja. Ndinatulutsanso kope lija, chifukwa ntchito ikhoza kukhala yoona koma yosapindulitsa.

Komishoni inali K8,000 pa nyali. Theka limabwera kasitomala akapereka dipoziti, theka linalo akalipira mokhulupirika miyezi itatu. Tinawerenga zotuluka: minibasi ndi kabaza K2,500 patsiku kwa masiku 20 ndi K50,000, mayunitsi ndi bandulo K14,000, zonse K64,000. Ndiye kuti nyali 8 zoyambirira mwezi uliwonse akugwirira kondakitala ndi kampani ya foni. Yake imayambira pa nyali ya 9. Woyang'anira anali atawauza za mnyamata wina amene amagulitsa 40 pamwezi, ndipo ndikhulupirira kuti alipo, koma munthu sapanga bajeti potengera katswiri. Ndinamutuma kuti akafunse ogulitsa wamba, ndipo atatu amene anacheza nawo anamuuza kuti mwezi wabwinobwino amagulitsa 12 kapena kupitirira pang'ono. Nyali 12 ndi K96,000. Kuchotsa K64,000 kwatsala K32,000. Poyerekeza, mu 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi.

Ndipo K96,000 ija simabwera pamodzi. Miyezi itatu yoyamba akulandira theka lokha, K48,000, pamene wawononga K64,000. Akugwira ntchito koma mwezi uliwonse akulowa ngongole ya K16,000, mpaka matheka otsala aja atayamba kufika mwezi wachinayi. Ambiri amagwera pamenepa, ndipo amene wasiya mwezi wachitatu kawirikawiri amasiya matheka akewo m'manja mwa kampani. Choncho funso lofunika kulifunsa musanasaine ndi ili: ndikachoka, komishoni ya nyali zimene ndagulitsa kale idzanditsata? Lina ndi lakuti kasitomala akasiya kulipira, kodi mungondimana theka lachiwiri, kapena mudzandidulanso loyamba lija pa ndalama za mwezi wina? Makampani ena amadula, ndipo wogulitsa amazidziwira pa tsiku lolandira. Kumudzi zimenezi zimapweteka kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, pamene ndalama ya banja yathera ku feteleza ndi chimanga, ndipo nyali ndi chinthu choyamba kuiwalika. Amene wayamba ntchito yotere mu Meyi, anthu atakolola, amaona ngati wapeza mgodi. Amene wayamba mu Disembala amaona ngati walodzedwa. Onsewo akugulitsa nyali yomweyo.

Titawerenga choncho sindinamuuze kuti asiye. Ndinamuuza kuti nambala yosinthika pamenepa ndi ya ulendo. Akabwereka njinga yanga n'kumagona kwa azakhali ake ku Songani pakati pa sabata, K50,000 ija itsika kufika mwina K15,000, ndipo nyali 12 zomwezo zimusiyira K67,000. Pa mabotolo paja panalibe nambala iliyonse imene khama lake likanaisintha popanda kulowetsa wina m'dzenje.

Kunatsala nkhani ya dzina. Pa kapepala ka nyali sanalembe kuti wantchito, analemba kuti ejenti, ndipo mawu awiriwa pamaso pa lamulo ndi anthu awiri osiyana. Wolembedwa ntchito amatetezedwa ndi lamulo la ntchito la 2000: ayenera kupatsidwa kalata yofotokoza ntchito yake ndi malipiro ake, ali ndi tchuthi, sangachotsedwe popanda chifukwa, ndipo lamulo la penshoni limati bwana aziika 10 peresenti, iye 5 peresenti. Ejenti amatengedwa ngati mwini bizinesi yake, zonsezo alibe. Zimenezi si zolakwika ngati mfulu alidi mfulu, wodzisankhira nthawi ndi koyenda. Zimanunkha pamene kampani ikufuna zonse ziwiri: ufike 7 koloko m'mawa kudzaimba nyimbo za chilimbikitso, uvale yunifomu, usagulitse za wina aliyense, ukajomba udulidwe, koma ikafika nkhani ya malipiro akuti ndiwe wodziimira pawekha. Wolamulidwa ngati wantchito ali ndi poyambira kukadandaula ku ofesi ya zantchito ya boma, ndipo milandu yotere imatha kufika ku khoti loona za mikangano ya pantchito. Koma kumeneko amafuna mapepala. Kontirakiti, malisiti, ngakhale mauthenga a pa foni onena za komishoni, zonse muzisunga. Ngati chimene akukutumani kugulitsa ndi inshuwalansi, ngongole kapena "kusunga ndalama kuti iswane", kampaniyo iyenera kukhala ndi layisensi yochokera ku Reserve Bank of Malawi, ndipo kufunsa kuti muione si mwano. Satifiketi yolembetsa bizinesi imene amakonda kuipachika pakhoma imangosonyeza kuti dzinalo linalembedwa m'kaundula, sinena kalikonse za mmene amapezera ndalama.

Lolemba lija mphwanga anapitadi ku holo ndi funso lake la kubweza mabotolo. Akuti bambo wa suti anamuyang'ana n'kuuza gulu lonse kuti, "Mwamuona uyu? Sanayambe n'komwe koma akuganiza kale zolephera. Maganizo a umphawi amenewa." Anthu anaseka, ena anawomba m'manja. Mnzake wa kwaya amene anamuitanira kumeneko sanamulankhule kwa milungu ingapo, poti K30,000 yake inali itathawa.

Mnzakeyo ndinakumana naye miyezi ingapo pambuyo pake pa depoti. Anandipatsa moni mwaulemu, kenako anatsegula chikwama n'kundionetsa botolo. "Bambo, ili ndi la K16,000, koma inu mungopereka K7,000." Ndinalitembenuza kuti ndione deti. Linali litatsala ndi mwezi umodzi. Anati kunyumba aliko ena 14.